Lipoti la mphunzitsi watsopano wa Sitandade 4: ndilembe motani za kasungidwe ka kalasi?

Mkulu wa juniya, Dedza

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ahedi anandisankha kuti ndiziyang'anira mnyamata amene wabwera teremu ino, wangotsiriza kumene maphunziro a uphunzitsi a IPTE. Tinamupatsa Sitandade 4B. M'kaundula muli ana 112, tsiku limene ndinakamuonera analipo 97. Linali phunziro la masamu, kugawa, la mphindi 35, litangotha buleki.

Masamu amawadziwa, pulani yake inali yolembedwa bwino, zizindikiro za kakhonzedwe zonse zinalipo. Koma kalasi inali ngati pa msika. Lachisanu ndiyenera kupereka lipoti. Pagawo la kasungidwe ka kalasi ndalemba chonchi:

"Mphunzitsiyu sakwanitsa kulamulira ophunzira. Ndi wofatsa kwambiri, ana sakumuopa. Phokoso linali lalikulu phunziro lonse. Ayenera kulimba mtima ndi kuonetsa kuti ndi mphunzitsi."

Ndawerenga kawiri, mtima sukundikhala. Ndi zoona zimene ndalembazo, koma sindikuona chimene iye angachite nazo Lolemba m'mawa.

Bambo wa Sitandade 8

Madamu, mwalemba zoona, musasinthe. Ana a masiku ano akangodziwa kuti sala ndi wofewa, basi zatha. Teremu yoyamba munthu umayenera kukwinya nkhope, kuseka uyambe teremu yachiwiri. Mukamunyengerera panopa mudzamulira akadzafika ku siniya.

Agogo, PEA wopuma

Mwana wanga, mtima wako ukukuuza zoona. Ndawerengapo malipoti ambiri otere pa zaka zimene ndinkayendera sukulu za m'zoni. Mawu oti "wofatsa" ndi "sakumuopa" akunena za chibadwa cha munthu, ndipo chibadwa sachisintha pofika Lolemba. Akawerenga zimenezo achita chimodzi mwa ziwiri: agwa mphwayi, kapena ayamba kukalipa ndi kunyamula ndodo kuti akuonetse kuti walimba mtima. Zonsezo si zimene ukufuna.

Ndikufunse kaye. Unali ndi wotchi? Unalemba nthawi imene zinthu zimachitika? Ngati unalemba, tiuze phunzirolo kuyambira belu mpaka belu, osaikamo maganizo ako.

Mkulu wa juniya, Dedza

Ndinalemba m'kope langa, agogo, ndimayang'ana pa foni.

Belu litalira anatenga mphindi 6 kuti onse alowe ndi kukhala pansi. Tili ndi madesiki 14 okha, ena amakhala pansi, ndiye buleki ikatha amalimbirana madesikiwo. Iye anaima pakhomo n'kumati "lowani msanga", osalowerera zolimbiranazo. Kenako anayamba kugawa mabuku yekha, mabuku 23, akupondaponda pakati pa ana, aliyense akukweza dzanja "sala kuno, sala kuno". Zimenezo zinadya mphindi 5. Ndiye kuti mawu oyamba a masamu anatuluka pa mphindi ya 11.

Kuyambira pamenepo mpaka mphindi ya 19 anali pa bolodi, zitsanzo ziwiri. Amalemba kwa nthawi yaitali atafulatira ana, akufotokozera bolodi. Akatembenuka amafunsa "mwamva?", onse "eee". Anafunsa ana 5 mmodzimmodzi, onse a mizere iwiri yakutsogolo. Kumbuyo anyamata ena amasewera ndi zitsekerero za mabotolo zimene anabweretsa zowerengera.

Kenako anati akhale m'magulu, zinatenga mphindi 3 ndipo magulu ena anali a ana 4, ena 12. Pa mphindi ya 22 anapereka masamu 4 oti alembe, iye n'kukhala pa tebulo. Amene watsiriza amabweretsa kope. Posakhalitsa panali mzere wa ana oposa 30 utamuzinga, iye osaonekanso. Belu limalira atachonga makope 28.

Agogo, PEA wopuma

Ehe, lipoti lako ndi limenelo. Unali nalo kale m'kope, koma unalisiya n'kulemba chigamulo.

Taona tsopano. Phokoso limene ukulinenalo silinali lofanana phunziro lonse. Linakwera malo atatu: polowa, pogawa mabuku, ndi pamzere wochongetsa. Malo atatu onsewo ndi pamene ana ambiri analibe chochita. Mwana wa zaka 10 wopanda chochita, ngakhale utamuikira msilikali, ayankhula basi. Ndiye vuto la mnyamatayo si nkhope yofatsa ayi. Alibe ndondomeko ya nthawi zosinthira kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Ku koleji amaphunzira kwambiri za pakati pa phunziro, chiyambi, thima, mathero. Za amene agawe mabuku ndi amene akhale pa desiki amaziphunzira pa sukulu, kwa anthu ngati iwe.

Muwerengere masamu awiri, poti ndi munthu wa masamu. Mphindi 11 zotayika tsiku lililonse, pa sabata ndi 55, kuposa phunziro limodzi ndi theka. Chachiwiri: makope 97, atamachonga lililonse masekondi 20 okha, ndi mphindi 32. Phunziro lonse ndi 35. Ndiye kuchonga onse m'kalasi ali pa tebulo n'kosatheka, osati kwa iye yekha, kwa wina aliyense. Akaona nambala zimenezo sakangana nawe, chifukwa sunamunyoze, wamuonetsa wotchi.

Bambo wa Sitandade 8

Agogo ndakumvani, koma musachotseretu nkhani ya mawu. Ndinaonapo aphunzitsi a ndondomeko yabwino koma mawu osafika kumbuyo. Ana 97 pansi pa malata, mvula ikayamba kapena kalasi yoyandikana ikamaimba, wofatsayo samveka.

Agogo, PEA wopuma

Pamenepo muli ndi mfundo, bambo. Koma onani zimene madamu alemba: amayankhula atayang'ana bolodi. Mawu amapita kumene kwaloza pakamwa. Ayambe watembenuka, kenako tione ngati mawuwo ndi ochepadi. Ndipo m'lipoti mungalembe kuti "nditakhala kumbuyo sindinamve malangizo a ntchito yolemba". Chimenecho ndi chinthu chimene mwaona, munthu angathe kuchikonza. "Alibe mphamvu" sangachikonze.

Sala wa sekondale, Lilongwe

Pepani ndalowa mochedwa. Ngati mnyamatayo akulephera ntchito, njira yake ndi kumulembera kalata yochenjeza, asayine, ina ipite ku ofesi ya maphunziro ya boma. Mukachedwa adzakusumirani kuti simunamuuze. Ife tinali ndi wina amene amajomba Lolemba lililonse, tinavutika naye chifukwa panalibe cholembedwa.

Mkulu wa juniya, Dedza

Ayi sala, si nkhani ya mlandu. Sajomba, amafika ine ndisanafike. Ili ndi lipoti la ulangizi, lomuthandiza kuti akhazikike. Wangotha masabata 5.

Mphunzitsi watsopano, Nsanje

Ndiloleni ndiyankhuleko ngati munthu amene analandirapo lipoti lotere chaka chatha. Amene amandiyang'anira analemba zolakwika 13, ndinaziwerenga. Kuyambira malembedwe a pa bolodi, nsapato zanga, mpaka kuti sindinapachike matchati. Anandipatsa pepalalo mu ofesi pamaso pa aphunzitsi ena, osakhala nane pansi. Ndinapita kunyumba osadya. Sabata yotsatira ndinayesa kukonza zonse 13 nthawi imodzi ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinasintha.

Chimene chinandithandiza ndi mayi wina wa Sitandade 2 amene anangoti, bwera mawa udzaone mmene ndimalowetsera ana. Ndinaima kumbuyo mphindi 10 basi. Ana ake amafola panja m'mizere, mzere uliwonse uli ndi dzina, amalowa mzere umodziumodzi akuimba, nyimbo ikamatha onse ali pansi. Palibe anandiuzapo zimenezo ndi kale lonse.

Ndiye madamu, chonde, musanapereke kwa ahedi mukhale naye kaye awiri. Ndipo mumufunse iyeyo kuti phunziro analiona bwanji. Mwina akudziwa kale pamene zinathawira, akungosowa njira.

Madamu a infanti, Zomba

Mwana wa ku Nsanje wanena zenizeni. Ine ndiwonjeze za manja, poti ana 120 ndimakhala nawo chaka ndi chaka.

Za madesiki: asasiye kuti ana azilimbirana. Agawe kalasi m'magulu okhazikika, gulu lililonse ndi dzina lake ndi malo ake, ndipo madesiki azikhalapo mosinthana sabata ndi sabata, ndandanda ipachikidwe pakhoma. Mwana akadziwa kuti sabata ya mawa ndi yake, salimbana. Okhawo osaona bwino kapena osamva bwino ndi amene amakhala kutsogolo nthawi zonse.

Za mabuku: 23 pa ana 97 ndiye kuti buku limodzi ana 4, ena 5. Ngati magulu ndi 8, amange mabukuwo m'mitolo ya atatuatatu, mtolo umodzi ukhala wa awiri, aike pa tebulo buleki isanathe. Atsogoleri a magulu 8 amabwera, aliyense mtolo wake, mphindi imodzi yakwana. Pobweza amawerenga pamaso pake, ndipo mabuku sasowanso. Magulu akakhala okhazikika chonchi, zija zotaya mphindi 3 popanga magulu zimatheratu, amangoti "tembenukiranani".

Koma ndichenjeze. Sabata yoyamba zimenezi zimaoneka ngati zikudya nthawi kuposa kale, chifukwa uyenera kuwaphunzitsa anawo kalowedwe ngati mmene umaphunzitsira phunziro, kubwereza mpaka katatu. Aphunzitsi atsopano ambiri amasiya pa tsiku lachitatu n'kumati sizikugwira. Mumuuziretu.

Wachiwiri kwa ahedi, Mchinji

Zonsezi n'zabwino koma tikumbukire kuti lipoti limalowa mufayilo. A PEA akabwera amafuna kuona kuti sukulu ikuyang'anira aphunzitsi ake. Mukalemba zofewa zokhazokha, iwo n'kukapeza kalasi ili pa msika, funso libwera kwa inu madamu: munaona chiyani? Ine ndimati zofooka zonse zilembedwe, ngakhale zikhale 13.

Agogo, PEA wopuma

Achimwene, ine ndinali amene ndimatsegula mafayilowo. Chimene ndinkafuna si kuchuluka kwa zolakwika. Ndinkayang'ana ngati lipoti lachiwiri likuyankha loyamba: munagwirizana chiyani, munabwereranso liti, chinasintha n'chiyani. Mndandanda wa 13 wopanda tsiku lobwerera unkandiuza kuti mlangiziyo analowa m'kalasi kamodzi kuti akwaniritse lamulo. Komanso nkhani ya mphindi ija si yofewa. Kulemba kuti phunziro linayamba pa mphindi ya 11 ndipo makope 69 sanaonedwe, n'kolimba kuposa kulemba kuti munthu ndi wofatsa. Zonse zimene waona zikhalemo m'gawo lofotokoza. Koma m'gawo la zoti achite, ziwiri zokha.

Wachiwiri kwa ahedi, Mchinji

Ngati zooneka zonse zikhalamo, tagwirizana theka. Ine ndikanaika zitatu, chifukwa kufunsa ana akutsogolo okhaokha sindingakusiye kudikira mwezi.

Mkulu wa juniya, Dedza

Zikomo nonse. Ndalembanso usiku uno, onani:

"Zimene zinayenda bwino: pulani inali yokonzeka, zitsanzo ziwiri zinali zolondola ndipo zinayambira pa chosavuta. Mtsikana wina atalakwitsa pa bolodi, mphunzitsi sanalole anzake kumuseka, anamuthandiza mpaka anapeza yankho.

Zimene ndinaona: ophunzira 97. Kulowa ndi kukhala pansi, mphindi 6, chifukwa cholimbirana madesiki 14. Kugawa mabuku 23, mphindi 5, mphunzitsi akugawa yekha. Kuphunzitsa kunayamba pa mphindi ya 11. Pofotokoza, nthawi yambiri anayang'ana bolodi. Ofunsidwa 5 onse anali a mizere iwiri yakutsogolo. Pa ntchito yolemba mphunzitsi anakhala pa tebulo, ophunzira oposa 30 anaima pamzere, makope ochongedwa 28.

Zoti tichite pa masabata awiri: choyamba, magulu 8 okhazikika ndi atsogoleri ogawa mabuku, kuti phunziro liziyamba isanakwane mphindi ya 5. Chachiwiri, pa ntchito yolemba ophunzira asadzuke, mphunzitsi ndiye aziyendera magulu. Ine ndidzamuonetsa kalowedwe m'kalasi mwanga Lachiwiri, ndipo ndidzaonereranso phunziro lake pakatha masabata awiri."

Koma pali china chimene sindinakuuzeni, ndipo ndi chimene chikundisowetsa tulo. Pamene mzere unamuzinga paja, mnyamata wina anakankha mnzake, kope linagwera pa tebulo. Mphunzitsiyo anamukoka khutu. Sizinali zamphamvu, mwanayo sanalire, koma ndinaona, ndipo iye anaona kuti ndaona. Ndilembe?

Bambo wa Sitandade 8

Khutu lokha? Madamu musamuonongere mwana wa eni tsogolo. Muuzeni pakamwa zithe. Tonsefe tinakula nazo.

Madamu a infanti, Zomba

Tinakula nazo inde, koma n'zoletsedwa bambo, ndipo iye anaphunzitsidwa zimenezo ku koleji. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti anachita mlangizi ali m'kalasi. Nanga akakhala yekha? Komanso mwanayo akakanena kunyumba, kholo n'kubwera ndi a komiti, zidzadziwika kuti madamu analipo ndipo sanalembe kanthu.

Mphunzitsi watsopano, Nsanje

Ine ndikuopa mbali inayo. Munthu amene sanakhazikitsidwe pa ntchito, mawu oti "anamenya mwana" akalowa mufayilo amutsata kulikonse. Ndipo akadziwa kuti chilichonse chimene alangizi ake aona chimathera kwa ahedi, sadzawauzanso vuto lake. Ine wanga uja ndinasiya kumufunsa chilichonse.

Agogo, PEA wopuma

Apa sindikupatsa yankho lophweka, chifukwa nonse awiri mukunena zoona. Maganizo anga ndi awa. Usadikire Lachisanu, ukambe naye mawa, ndipo pa nkhani iyi yokha usazungulire: kugwira mwana kuti amve kuwawa n'kosaloledwa, kaya ndi khutu kaya ndi ndodo. Kenako lemba zimene zinachitika m'mawu ake enieni, osakuza, osachepetsa. Osati "anamenya mwana", koma "pa mphindi yakutiyakuti, ophunzira atamuzinga pa tebulo, anakoka khutu la wophunzira amene anakankha mnzake. Takambirana, wavomera kuti sizibwerezedwa." Umuwerengere asanasayine, ndipo pakhale malo oti iye alembepo mawu ake.

Uonenso pamene zinachitikira. Sanakoke khutu pophunzitsa, anakoka atapanikizika pakati pa ana 30. Ukachotsa mzere uja wachotsa malo amene dzanja limathamangira. Koma umupatsenso chochita china mwana akalakwa, chifukwa ukangomulanda khutu osamupatsa kanthu, abwerera komweko. Kumusuntha mwanayo malo, kumuitana ndi dzina n'kuima pafupi naye, kukamba naye anzake atatuluka.

Wachiwiri kwa ahedi, Mchinji

Kulemba kokha sikukwana. Ahedi auzidwe pakamwa tsiku lomwelo, asakazipeze m'lipoti. Nkhani yokhudza mwana si ya anthu awiri.

Bambo wa Sitandade 8

Ine ndiye sindikugwirizana nazo zolembazo, ndanena. Pepala silifufutika. Koma kalasi ndi yanu madamu.

Sala wa sekondale, Lilongwe

Tsopano ndamvetsa nkhani yake, pepani poyamba paja. Funso langa ndi la kuyendera magulu. Ngati sangachonge makope 97 ali pa tebulo, akamayenda ndiye achonga bwanji? Nthawi ndi yomweyo.

Madamu a infanti, Zomba

Sachonga onse, sala. Poyenda amayang'ana samu yoyamba yokha, makope awiri kapena atatu pa gulu lililonse, osati a ana omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Akapeza kuti magulu atatu alakwitsa pofanana, mwachitsanzo onse akuiwala chotsala pogawa, amaimitsa kalasi n'kukonza pa bolodi pomwepo, ana asanalakwitse masamu onse 4. Pa tebulo paja amene amafika ndi ana achangu okhaokha, ndiye mphunzitsi amaganiza kuti kalasi yamva, chonsecho amene sanamve ali phee kumbuyo sanalembe ngakhale deti. Makope otsalawo atolere magulu awiri tsiku lililonse akachonge akaweruka, pakutha pa masiku anayi aliyense waonedwa. Ndipo othamanga aja awakonzeretu samu ina yovutirapo pakona pa bolodi, apo ayi ndi amene amayambitsa phokoso.

Mkulu wa juniya, Dedza

Ndabweranso patapita masabata awiri ndi theka, poti munandithandiza ndiyenera kukuuzani.

Ndinakhala naye pansi pa mtengo ana ataweruka. Ndisanatsegule kope ndinamufunsa mmene analionera phunziro. Anayamba yekha ndi nkhani ya khutu, anati sanagone nayo. Za mphindi 11 sanadziwe, ankaganiza kuti zinali mwina 4. Ndinalemba za khutu monga ananenera agogo, iye anawerenga, anawonjezera mzere wake, tinasayina tonse. Ahedi ndinawauza pakamwa. Sanakondwe kuti ndinadikira mpaka tsiku lotsatira.

Dzulo ndinaonereranso, masamu omwewo buleki itatha, ana 101. Kuphunzitsa kunayamba pa mphindi ya 5. Atsogoleri a magulu anagawa mabuku bwinobwino, kupatula gulu limodzi limene mtsogoleri wake anajomba ndipo panalibe wachiwiri, ndiye taonjeza achiwiri. Za mzere zasintha pang'ono chabe. Anayendadi, koma anakakamira pa gulu loyamba pafupifupi mphindi 6 akuthandiza mwana mmodzi, atafulatira kalasi yonse, ndipo ana anayamba kumulondola ndi makope komweko. Magulu 3 akumbuyo sanawafike. Kufunsa akutsogolo okhaokha kukadalipo, achimwene a ku Mchinji munanena.

China chimene sindinachiyembekezere: wandipempha kuti ulendo wotsatira ndikaonere phunziro lomaliza la tsiku, akuti ndi pamene zimamuvuta kwambiri, ana atatopa ndi njala.

Agogo, PEA wopuma

Pita ku phunziro lomalizalo, ndipo ukakhale kumbuyo kwenikweni pakati pa magulu 3 aja. Pa zokakamira gulu limodzi, muuze aziyamba kuyendera kumbuyo, ndipo akawerama pa mwana aziima mbali imene akuona kalasi yonse, msana ku khoma. Mwana amene akufunika mphindi 6 amuuze kuti adzamuona payekha, apitirire.

Madamu a infanti, Zomba

Nanga ndandanda ya madesiki ija ikuyenda? Kwathu makolo ena anadandaula kuti mwana wawo wabwera ndi yunifolomu yakuda sabata imene anakhala pansi.

Mkulu wa juniya, Dedza

Ikuyenda, koma dandaulo lomwelo lafika kale kuchokera kwa makolo awiri. Tauza ana azibwera ndi masaka okhalira. Nkhaniyo ahedi akuti aitengera ku msonkhano wa makolo mwezi wa mawa.